Nyemba zouma zingati kuti ndipeze makilogalamu 30 ophika?

Wophika wa ku Ndirande: Anzanga ndithandizeni. Ndapatsidwa oda ya chinkhoswe Loweruka, anthu 200, aliyense magalamu 150 a nyemba, ndiye zonse makilogalamu 30. Ndinyike zouma zingati Lachisanu usiku? Ulendo watha ndinangoyerekeza, alendo omalizira anadya nsima ndi kabichi yekha, manyazi ake mpaka lero.

Achimwene a ku Kasungu: Nyemba zimachulukitsa kawiri mayi. Nyikani 15 basi.

Mayi a ku sukulu yogonera, Dedza: Achimwene, kawiri ndi kulemera kwa nyemba zongonyikidwa. Zikakhala pamoto zimamwanso madzi ena. Kwathu kilogalamu imodzi youma imatipatsa pakati pa 2.2 ndi 2.5 zikapsa, titakhetsa msuzi. Ine ndimagawa ndi 2.3. Ndiye 30 kugawa ndi 2.3 ndi 13. Onjezani imodzi chifukwa cha miyala ndi zofumbwa zimene mutaye posankha, mugule 14.

Koma ndifunse kaye: magalamu 150 aja ndi nyemba zokhazokha kapena chipande chonse ndi msuzi womwe? Ngati ndi chipande, gawo limodzi mwa atatu likhoza kukhala msuzi, tomato ndi anyezi. Pamenepo nyemba zenizeni ndi makilogalamu 20, zouma 9 zakwana, 10 tikaphatikiza zotaya posankha.

Wophika wa ku Ndirande: Iii, zimenezo sindinaganizeko. Ndi chipande chonse, mayi.

Mlongo wa ku Mzuzu: Ine ndimathira ndowa zitatu zamadzi pa ndowa imodzi ya nyemba, sizinandivutepo.

Achimwene a ku Kasungu: Afunsa za nyemba achemwali, osati madzi. Koma apo mwanena zoona, madzi akachepa zapamwamba zimatsala zosafufuma. Ine 10 ndikuikayikirabe. Pachinkhoswe ogawa sayeza pasikelo, dzanja limalemera akaona wachibale.

Mayi a ku sukulu yogonera, Dedza: Chimenecho sinditsutsa. Chinanso, 2.3 musaikhulupirire musanaone nyemba zanu. Za chaka chatha zosungidwa potentha sizimwa madzi bwino: mukanyika usiku wonse, m'mawa mupeza zina zikadali zing'onozing'ono, zolimba ngati timiyala, ndipo zimatha nkhuni. Muli ndi masiku, yesani lero. Tapani magalamu 500 m'thumba lomwe mugulelo, nyikani, phikani mawa, khetsani msuzi, ikani pasikelo. Zikalemera 1,150, ndiye 2.3 ija. Zikalemera 1,000 yokha, gawani 20 ija ndi 2 ndipo mugule 11. Ndi kutentha kwa Okutobalaku musanyike kupitirira maola 12, madzi amachita thovu n'kuyamba kununkha.

Wophika wa ku Ndirande: Zanga ndi kholophethe, wogulitsa ku Limbe akuti ndi za chaka chino. Ndanyika kale magalamu 500 aja. Koma za dzanja la ogawa zija, achimwene, inu mumaonjezera zingati?