Kodi wotchi yoyankhira foni pamkono ndi yoyenera kugula?

aNambewe, ku Lizulu: Ndimagulitsa mbatata ya kachewere, ndipo nthawi zambiri manja anga amakhala a dothi pamene ogula a ku Lilongwe ndi ku Blantyre akuyimba foni. Ndakhala ndikulingalira zogula wotchi yoyankhira foni pamkono, koma mlamu wanga amene ali nayo akandiyimbira, ndimamva mawu anga omwe akubwerera m'khutu mwanga. Kodi mawotchi onsewa ndi otero?

aNgozo, ku Tsangano: Mayi, limenelo ndi vuto la netiweki osati la wotchi ayi. Ife a m'malire a Mozambiki timadziwa kuti foni imatha kudumphadumpha, ndipo mawu amabwerera ngakhale kwa munthu amene alibe wotchi.

aPhiri, okonza mafoni pa Dedza boma: ANgozo mwanena zoona mbali imodzi, chifukwa netiweki nayo imabweza mawu nthawi zina, koma pali njira yosavuta yosiyanitsira. Mayi, alamu anu akadzayimbanso, muwapemphe kuti asadule, koma pa foni pawo asankhe kuti mawu azituluka pa foniyo m'malo mwa wotchi, kenaka ayiike kukhutu. Mawu anu akasiya kubwerera nthawi yomweyo, ndiye kuti gwero lake ndi wotchi, koma akapitiriza, aNgozo akhala kuti alondola.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti amene akumva mawu ake akubwerera si amene ali ndi chipangizo cholakwika. Mawu anu amatuluka pa sipika ya wotchi ya alamu anu, ndipo poti maikolofoni ili pafupi kwambiri m'kachipangizo kakang'ono komweko, imawatola n'kuwatumizanso kwa inu patapita kamphindi. Mawotchi opangidwa bwino amachotsa okha mawu obwererawo asanatumizidwe, pamene ambiri otsika mtengo amalephera ntchito imeneyi, makamaka voliyumu ikafika pamapeto. N'chifukwa chake choyamba kuchita ndi kutsitsa voliyumu ya wotchi mpaka pakati, ndi kupewa kuyankhula dzanja litagona patebulo kapena litayandikira khoma, poti mawu amagunda pamenepo n'kubwereranso mu maikolofoni.

aJere, ku Ntcheu: Ine ndikuona kuti ndi yabwino kwambiri, chifukwa munthu akhoza kusiya foni kunyumba kuopa akuba pamsika, n'kumayimba ndi wotchi yokhayo.

aPhiri: Ayi bambo, pokhapokha ngati wotchiyo ili ndi simu yakeyake, ndipo zambiri zimene zikugulitsidwa m'misika yathu zilibe. Zimenezi zimadalira Bluetooth, kutanthauza kuti foni iyenera kukhala pafupi, osapitirira mamita pafupifupi 10, ndipo pakakhala khoma la njerwa pakati mawu amayamba kudukaduka mtundawo usanakwane.

aNachisale, ku Bembeke: Yanga siibweza mawu, koma m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi anthu ankadandaula kuti ndikumveka ngati ndili pansi pa bulangete. Chinali chiyani chimenecho? Komanso chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti uthenga wa mawu wa pa WhatsApp umatulukira pamkono, anthu onse m'minibasi akumva.

aPhiri: Ndikuganiza kuti mkono wa juzi kapena wa jekete unkaphimba kabowo ka maikolofoni, kamene kamakhala m'mbali mwa wotchi ndipo n'kakang'ono ngati diso la singano. Fumbi, thukuta ndi sopo nazo zimakatseka. Muzikatsuka ndi mswachi wofewa wouma, koma musalowetsemo singano, chifukwa mukhoza kuboola kansalu koteteza madzi kamene kali m'katimo. Za uthengazo, pa foni ya Android lowani pa Bluetooth, tsegulani dzina la wotchiyo, zimitsani "Media audio" koma musiye "Phone calls" kapena "Calls" ili yoyatsa. Mukatero wotchi izingolandira mafoni okha. Mawotchi ambiri otsika mtengo amaonekera kawiri pamndandandawo, ndipo dzina limodzi lokha ndi limene limanyamula mawu.

aNgozo: Komabe pamsika wa Lizulu, ndi magalimoto odutsa pamsewu wa M1 komanso mphepo ya kumeneko, kodi adzamva kanthu voliyumu ili pakati?

aPhiri: Pamenepo sindingakutsutseni, pakuti vuto lenileni lagona pomwepo: akatsitsa voliyumu iwo samva, akakweza wogula amva mawu ake akubwerera. Kunena zoona, pa ntchito ya aNambewe ine ndikadasankha kachomvera m'khutu, poti sipika yake imakhala m'khutu momwemo, ndipo mtengo umene akugwirizana ndi wogula sumveka kwa oyandikana nawo. Ngati mtima uli pa wotchi ndithu, asapereke ndalama asanailumikize ku foni yawo pamalo ogulirapo, ayimbire munthu amene ali kutali, akweze voliyumu, ndipo amufunse ngati akudzimva yekha.

aNambewe: Ndathokoza kwambiri abale anga. Kachomvera m'khutu ndimaopa kuti kadzagwera m'thumba la mbatata n'kupita ku Blantyre, choncho ndiyamba ndabwereka wotchi ya alamu tsiku la msika kuti ndione ngati ndingamve ogula m'phokoso limenelija.

aNachisale: Mudzatiuze zotsatira zake mayi, ndipo musadzaiwale kupinda mkono wa juzi.