Akakweza zaka zopumira pantchito, bambo anga zikhala bwanji?

Abale ndithandizeni, bambo anga ndi aphunzitsi kuno ku Mangochi, akwanitsa zaka 60 chaka chamawa ndiye anali atakonzekeratu zopuma, mpaka anatenga ngongole yomalizira nyumba poganiza kuti abweza ndi ndalama za penshoni zoyamba zija zimabwera pakamodzi. Pano akumva zoti zaka zopumira mwina azikweza, tulo sakugona ndithu, komanso BP ikuwavuta, kuima mkalasi tsiku lonse ndi kutentha kwa kunoku sakukwanitsanso. Kodi zikasintha zimagwiranso amene atsala ndi chaka chimodzi, kapena amawasiya apume pa zaka zakale? Nanga akasankha kupuma msanga chifukwa cha matenda, penshoni amaidula? Amene munaziona kwanu chonde tiuzeni, ngongoleyo ndi imene ikundidetsa nkhawa.