Kodi freezes amadwalitsadi chimfine?

Abale anga, ndithandizeni pa mkangano wa pakhomo panga kuno ku Ndirande. Lachitatu dzuwa litaswa mtengo, mwana wanga wa zaka 6 anamwa freezes awiri poweruka kusukulu. Kutacha Lachinayi anadzuka ndi mamina, mawu atasasa, akulephera kumeza phala. Apongozi anga sanachedwe: "Ndinanena ine, zozizirazi zitha ana." Tsopano madzi a mufiriji aletsedwa nyumba yonse, ndi ine ndemwe.

Koma zimene ndikudziwa n'zoti chimfine chimayamba ndi mavairasi, makamaka rhinovirus, opatsirana poyetsemula kapena pogwirana manja, ndipo amatha tsiku limodzi mpaka atatu munthu asanayambe kudwala. Ndiye ngati anadzuka nacho Lachinayi, kachilomboko sikanalowe Lolemba kapena Lachiwiri, freezes asanamwe n'komwe? Mnzake wokhala naye desiki imodzi wakhala akutsokomola sabata yonse.

Chikundisokoneza n'chakuti inenso ndikamwa madzi oundana pakhosi pamakanda, ngakhale pakatha ola limodzi zimasiya. Komanso mu June ndi July, chiperoni chikagwa, pafupifupi aliyense mu minibasi ya ku Limbe amakhala akufwenthera. N'kuzizirako, kapena n'chifukwa timatseka mawindo onse n'kumapumirana mpweya?

Anamwino ndi madokotala muli muno, kodi chakumwa chozizira chingathandize vairasi amene ali kale pakhosi kuti akule msanga? Nanga panopa pakhosi pakumuwawa, ndizimupatsa madzi ofunda okhaokha? Ndikufuna yankho loti ndikawafotokozere mayiwa mwaulemu.