Mpukutu wa mapulomputi a vidiyo: ndigule kapena ndi kutaya ndalama?

Wongoyamba:
Moni nonse. Pali munthu akugulitsa mpukutu wa mapulomputi olemberatu, mawu ouza AI vidiyo yoti ipange, pa madola 25. Akuti ungokopera n'kumata mu pulogalamu ya AI yopanga vidiyo monga Runway kapena Kling, vidiyo n'kutuluka ngati filimu. Ine vuto langa ndi kamera, sikundimvera. Ndikufuna kavidiyo ka mkulu akukonza wotchi, kamera ikumuyandikira pang'onopang'ono. Ndalemba chonchi:

```
amazing cinematic 4k video of old man fixing a watch, camera zooms in and pans and orbits around him, no shaking, he smiles, stands up and walks out, realistic anime style
```

Zotuluka zake, kamera ikungozungulira, nkhope ikusintha pakati pa vidiyo, ndipo mkuluyo sakuimirira n'komwe. Alipo anagulapo mpukutu wotere?

Wapsamtima:
Osagula! Ine ndinagula wofanana ndi umenewo. Kutsegula, ndinapeza chiganizo chimodzimodzi chikungobwerezedwa, angosintha galu kukhala mphaka, mphaka kukhala galimoto. Nditamulembera wogulitsayo kuti andibwezere ndalama, mpaka lero ali zii. Anthuwa ndi akuba basi.

Dayilekita_Wamkulu:
Inu munagula kwa anthu olakwika, achimwene. Wanga ndinagula pamtengo woposa pamenepo ndipo makasitomala anga sakhulupirira kuti sindinajambule ndi kamera yeniyeni. Chinsinsi n'kulemba zambiri. Pulomputi yanga imadzaza tsamba. A Wongoyamba, ya mizere iwiri ngati yanuyo, mukuyembekezera chiyani?

Kadziwotche:
Madola 25 ati? Ine ndauona pa 9 sabata yathayi.

Mai_Lenzi:
A Wongoyamba, musanatulutse ndalama tiyeni tione zimene mwalembazo, chifukwa vuto likuonekera pomwepo. Mapulogalamu amenewa amapanga kavidiyo kakafupi. Pa Runway ndi Kling nthawi zambiri ndi masekondi 5 kapena 10, pa Veo 3 ndi 8. M'kanthawi kameneko inu mwauza kamera kuti ichite zinthu zitatu, mwauzanso mkuluyo kuti akonze wotchi, amwetulire, aimirire, atuluke. Nthawiyo sikwana, ndiye pulogalamu imasankha yokha zoti itaye. N'chifukwa chake sakuimirira.

Nkhope ikusintha chifukwa cha `orbits`. Kamera ikamazungulira munthu, pulogalamu imayenera kupeka mbali ya nkhope imene sinaionetsepo, ndipo ikabwerera kutsogolo imakhala itaiwala mphuno imene inayamba nayo. Komanso kumapeto mwalemba `realistic` ndi `anime` pamodzi. Awa ndi maonekedwe awiri otsutsana, sankhani amodzi. Yesani iyi:

```
Slow dolly in, eye level, medium shot: an old man in a grey cardigan sits at a wooden bench, turning a small screwdriver inside an open watch. Warm desk lamp from the left, dark background, shallow depth of field, 35mm film look.
```

Onani mmene yakhalira. Poyamba kayendedwe ka kamera, kamodzi kokha, ndi liwiro lake. Kenako munthuyo ndi chinthu chimodzi chimene akuchita. Kumapeto kuwala ndi maonekedwe. Zoimirira n'kutulukazo mupange kavidiyo kachiwiri, mudzalumikize pokonza.

Wongoyamba:
Zikomo amayi. Koma `dolly in` ndi `zoom in` si chimodzimodzi? Zonse si kuyandikira?

Mai_Lenzi:
Ayi. Pa `zoom in` kamera imakhala pamalo amodzi, chithunzi n'chimene chikukula, zonse mofanana. Pa `dolly in` kamera yeniyeniyo ikuyenda kupita kutsogolo, ndiye zinthu zapafupi zimasuntha msanga kuposa zakutali. Mukafuna kudziwa chimene mwapatsidwa, yang'anani nyali ya patebulo ndi khoma la kumbuyo. Nyali ikamasuntha n'kuulula mbali ya khoma imene inabisika, kamera yayendadi. Zonse zikangokula pamodzi, mwapatsidwa zumu. Mapulogalamuwa nthawi zina amasokoneza ziwirizi, ndiye zikatero onjezerani mawu ofotokoza, monga `the camera moves forward toward him`.

Galasi_Losweka:
Ine ndikuona kuti mungogula kamera ya bwinobwino yokhala ndi choimikira. Kugwedezekako kutha.

Kadziwotche:
Akulu, mwawerenga funso koma? Kulibe kamera kuno, ndi mawu okhaokha 😂

Wapsamtima:
Za kugwedezeka zomwezo, mpukutu wanga uja unali ndi `no camera shake` paliponse. Kamera inkagwedezeka ngati wojambula akuthamangitsidwa. Makirediti anga onse olipirira mavidiyo anathera pamenepo.

Mai_Lenzi:
Pamenepo mwakhudza nkhani yeniyeni. Mawu okaniza sagwira bwino ntchito m'bokosi lalikulu lolembamo pulomputi. Pulogalamu imaona `shake` n'kutsatira, `no` uja osamuwerengera. Malangizo a Runway eni ake amanena kuti uzilemba chimene ukufuna, osati chimene sukufuna. Mukafuna kamera yosasuntha lembani `static shot` kapena `locked camera`. Mukafuna yoyenda mosalala, `smooth, steady movement`. Pomwe pali bokosi lapadera la `Negative prompt`, monga pa Kling, m'menemo ndi momwe mumalemba zosafunikazo, mawu okha, popanda `no`. Apa mpamene mpukutu wogulawo umandikayikitsa: pulomputi yolembedwera pulogalamu ina siimveka chimodzimodzi ku inzake, ndipo akatulutsa mtundu watsopano zina zimasiya kugwira.

Dayilekita_Wamkulu:
Zonsezo n'zophunzitsa ana. Nkhope kusintha, mankhwala ake ndi `seed`, nambala imene pulogalamu imayambirapo popanga vidiyo. Ikani nambala imodzimodzi, munthu wanu sasinthanso mpaka kalekale.

Mai_Lenzi:
Mwalondola theka, bambo. Nambalayo imathandiza mukamayesa kusintha liwu limodzi, kuti muone chimene liwulo lachita pamene zina zili pafupifupi momwe zinalili. Koma mukasintha malo kapena kakhalidwe ka kamera, nkhope ikhoza kusinthabe. Chodalirika ndi kuyamba ndi chithunzi cha mkuluyo n'kuchilowetsa ngati poyambira. Mukatero musafotokozenso zovala ndi tebulo, zili kale pa chithunzi. Lembani za kuyenda kokha: kamera ikuyandikira, dzanja likupotokola. Ndipo musayandikire kwambiri pa zala, ndi pamene zimakonda kupindika kapena kuchuluka.

Dayilekita_Wamkulu:
Kwa ine zimagwira. Ntchito zanga zimadzilankhulira zokha.

Mmisiri_wa_Kompyuta:
Nonsenu mukulipiriranji? Tsitsani Wan 2.1, AI yopanganso vidiyo, ndi yaulere, muiyendetse mu pulogalamu ya ComfyUI pa kompyuta yanu. Mtundu wake waung'ono wa 1.3B umayenda pa khadi ya zithunzi ya 8GB kapena kuposerako pang'ono. Mumayesa usiku wonse popanda kuwerenga makirediti.

Kadziwotche:
Yaulere, koma khadiyo mwatola panjira?

Mmisiri_wa_Kompyuta:
Umagula kamodzi. Inu mukulipira mwezi ndi mwezi.

Wapsamtima:
Ndipo waung'onowo sufika pa ukhondo wa zithunzi za olipirawo, tisanamizane.

Wongoyamba:
Ndayesa ya Mai_Lenzi. Kamera yamvera, ikuyandikira bwinobwino ndipo nkhope sinasinthe. Koma sikuludilaivala ikusungunuka n'kulowa m'chala chakumapeto kwa vidiyo. Mwina mu mpukutu uja muli yankho la zimenezi?

Mai_Lenzi:
Ndikukayika. Pamenepo ndi malire a pulogalamu, si mawu. Sankhani masekondi 5 m'malo mwa 10, popeza zimaonongeka kwambiri kamera ikafika pafupi, kapena dulani mbali yomalizayo. Musinthe chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse kuti mudziwe chimene chathandiza.

Dayilekita_Wamkulu:
Gulani mpukutuwo bwana, muone kusiyana. Zaulere zili ndi polekezera.

Wapsamtima:
Kapena ogulitsawo ndinu?

Kadziwotche:
A Wongoyamba, ngati mukugulabe dikirani kaye, ndifufuze kumene ndinauona wa madola 9 uja.