Sikelo ikuti 55, koma miyendo yatupa: tiwerengera pati?

Wazakadyedwe watsopano: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi mayi wa khansa ya m'matumbo, ali pa kemo. Miyezi 6 yapitayo ankalemera makilo 62, lero 55. Msinkhu mamita 1.65, BMI 20.2. Alubumini 26, CRP 48. M'kamwa muli zilonda, nseru siikutha, miyendo yatupa mpaka m'mawondo. Adokotala akuti BMI ili bwino. Ine mtima sukuvomera.

Nesi wa kuwodi: Alubumini 26 ndi yotsika zedi. Awonjezereni mapuloteni, ikwera yokha.

Wazakadyedwe wamkulu: Mapuloteni akufunikadi asisi, koma alubumini isakhale muyeso wanu. CRP, chizindikiro chakuti thupi likulimbana ndi matenda, ikakwera chonchi, chiwindi chimachepetsa kupanga alubumini, kaya munthu akudya kaya ayi. BMI-yo nayonso ikunamiza. Makilo 7 pa 62 ndi 11 peresenti, pomwe kakekisiya, kutha kwa thupi chifukwa cha matenda, timayamba kuitchula munthu akataya kupitirira 5 peresenti m'miyezi 6. Ndipo mu 55-mo muli madzi, ndiye thupi lenileni latha kuposa pamenepo. Siyani kaye sikelo, muwagwire. Onani m'mbali mwa mphumi ngati mwalowa, mafupa a m'mapewa ngati atuluka, ndi kamnofu ka pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Yezani MUAC, kukula kwa mkono pakati pa phewa ndi chigongono, sabata iliyonse, mkono womwewo, poti madzi a m'miyendo sausokoneza kwenikweni.

Kiliniko: Wodwala wanga wina anali chimodzimodzi, nditamupatsa dekisametazoni anayamba kudya. Bwanji osayesa?

Wazakadyedwe wamkulu: Amabweretsa chilakolako kwa masabata ochepa, koma akatalika amadya minofu yomwe tikuilirayo. Komanso kodi mayiwa alibe njala, kapena njala ilipo koma kumeza kukupweteka? Afunseni zimenezo. Mufunsenso za kudzimbidwa ngati ali pa mofini, chifukwa nseru ina imachokera kumeneko.

Wazakadyedwe watsopano: Ndafunsa. Njala amaimva m'mawa mokha, masipuni anayi akhuta. Kwa masiku 8 sakudya pafupifupi chilichonse. Nditawunika ndi tochi ndaona zoyerayera palilime, zopalika.

Nesi wa kuwodi: Amenewo ndi mafangasi, si zilonda za kemo zokha. Auzeni adokotala lero. Mankhwala a nseru ndi ochepetsa ululu azimwa mphindi 30 asanadye, osati mbale itafika kale.

Wazakadyedwe wamkulu: Masiku 8 amenewo ndi amene andiimitsa. Musathamangire kudyetsa kwambiri. Yezani fosifeti, potaziyamu ndi magineziyamu, apatsidwe tayamini, kenako muyambe pang'onopang'ono, chifukwa chakudya chikabwera mwadzidzidzi michere imeneyi imagwa m'magazi ndipo mtima ungasokonekere. Ine ndikanachotsa makilo 3 a madzi n'kuwerengera pa 52. Pa makalori 25 mpaka 30 pa kilo, cholinga ndi 1,300 mpaka 1,560 patsiku, mapuloteni pafupifupi magalamu 62. Kumeneko ndi kofikira, si koyambira.

Kiliniko: Makilo 3 achepa. Kutupa kofika m'mawondo ife timachotsa 5.

Wazakadyedwe wamkulu: Tonse tikungoyerekeza, achimwene. Lembani m'fayilo kuti mwachotsa angati, wobwera mawa asawerengere kwina.

Wazakadyedwe watsopano: Nanga chubu chodyetsera cha m'mphuno? Mayiwa akuchikana, ana awo akuchifuna. Magazi ndatumiza, zotsatira zikubwera madzulo.