Pulani ya bizinesi ya chiponde: kodi malipiro anga ndilembe pati?

Amake Taonga: Abale, ndithandizeni. Ndimapanga chiponde kuno ku Kapata ndipo ndikufuna kupempha ngongole ya CDF ndikulitse ntchito. Akuti ndilembe pulani. Za malonda anga, za ogula ndi za mpamba ndalemba kale. Koma pa chigawo cha "woyendetsa bizinesi" ndilembepo chiyani, poti ndili ndekha? Nanga chidule cha patsamba loyamba ndiyambire chomwecho?

Mabvuto wa ku Katete: Chidule mumalemba pomalizira amai, ngakhale chimakhala kutsogolo. Pa woyendetsa ingoikani dzina ndi nambala ya NRC, basi.

aNaZulu: Za chidule mwanena zoona achimwene, koma dzina lokha ayi. Owerenga amafuna kudziwa amene amakagula nshawa, wosankha zoola, wokazinga, wopita ku chigayo, wosunga buku la ndalama. Ngati zonse ndinu, lembani choncho, munenenso wogwirizira mukadwala. Funso langa: mumadzilipira zingati?

Amake Taonga: Kudzilipira bwanji, ndalama zonse si zanga? Meda ya nshawa ndimagula K70, imatulutsa mabotolo 7. Botolo ndi lebo K5, chigayo, makala ndi mchere K3. Ndimagulitsa K30, pamwezi mabotolo 100.

aNaZulu: Ndiye tiwerengere limodzi. Nshawa za botolo limodzi ndi K10, kuonjeza K8 ija, K18. Pa botolo mumatsala ndi K12, pa mabotolo 100 ndi K1,200. Tiyerekeze kuti mayendedwe ndi msonkho wa pamsika zimadya K600 pamwezi, kubweza ngongole K600 inanso. Yathera pomwepo, inu mwakhalira utsi mwezi wonse kwaulere. Mukadziikira K1,200 ya thukuta lanu, zonse zikwana K2,400, ndiye mufunika mabotolo 200 kuti mungofika pamene simunaluze. Apa chigawo cha ogula chiyenera kuyankha: mabotolo 100 enawo agula ndani? Chizindikiro choti simudzilipira n'chosavuta: malonda akuyenda, koma tsiku lokaoda nshawa ndalama sizikwana chifukwa zinapita ku ndiwo.

Bambo Tembo: Ine ndinayamba nkhuku ku Petauke opanda pepala lililonse. Kalembetseni dzina ku PACRA, zina zonsezi n'zotaya nthawi.

aNaZulu: PACRA ndi ya dzina bambo, siikuwerengerani phindu. Amake Taonga, K70 imeneyo ndi ya mwezi uti? Mtengo wa mu Meyi anthu atangokolola si wa mu Januwale. Meda ikafika K105, pa botolo mutsala ndi K7 yokha.

Amake Taonga: Ndi ya mu Juni. Ndiye ndigule matumba ambiri nthawi yokolola?

Mabvuto wa ku Katete: Mukasunga pachinyontho zichita chuku, mpamba wonse n'kuthera m'thumba. Muli ndi posungira pouma?

Amake Taonga: Chipinda chilipo, koma denga limadontha pakona.