Ndalama za fotokope zapita kuti?

Msungichuma (Anambewe): Amayi ndi abambo, nkhani ya makina athu a fotokope tisaidikirire Lachinayi. Mwezi uno agwiritsa marimu 4. Rimu imakhala ndi mapepala 500, ndiye mapepala 2,000 pa K100 ndi K200,000. Mnyamata wabweretsa K171,000, ndipo titalipira zonse m'bokosi simunalowe kanthu. Tinachotsa masheya athu kuti tizingoonerera?

Make Tadala: Anambewe, nenani poyera ngati mukuti mwana wanga akuba. Amakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa pa K35,000.

Wapampando: Palibe watchula kuba. Make Tadala, mtima pansi.

A Gondwe: Ine ndinanena kale, ndi magetsi. Makina aja amatentha ngati simbi. Mayunitsi ndi amene akutidyera phindu.

Aphunzitsi a Mbewe: A Gondwe, zotentha mwanena zoona, chifukwa tona ndi ufa ndipo umamatirira papepala ndi kutentha. Koma amatentha kwambiri pokhapokha pepala likudutsa, timasekondi tochepa. Malisiti a ESCOM ndili nawo, mwezi wonse K4,000. Gawani ndi 2,000, ndi K2 pa tsamba. Chimene chatipweteka ndi jenereta. Masiku awiri aja magetsi atazima tinathira petulo wa K14,000, masamba amene anatuluka 280. Ndi K50 pa tsamba, mafuta okha, chifukwa jenereta imangolira ngakhale kasitomala palibe.

A Gondwe: Ndiye ndi magetsi omwewo.

Aphunzitsi a Mbewe: Ndi kuzima kwake. Tsopano tona. Pa katoni ya tona ya 85A amalemba masamba 1,600, ndipo ndi nambala imene tinawerengera pogula makina. Koma iwo amayesera tsamba lodetsedwa 5 peresenti yokha, ngati kalata yaifupi. Kwathu kuno anthu amabwera ndi chitupa cha unzika, satifiketi ya MSCE, mabuku okhuthala amene chivundikiro sichitsekeka, m'mbali monse n'kutuluka bii. Tathira tona kawiri mwezi uno, K20,000 ulendo uliwonse. Ndiye kuthira kumodzi kukutipatsa masamba 1,000, K20 pa tsamba. Pepala ndi K30, poti rimu tikugula K15,000.

Nachisale: Pepani ndalowa mochedwa. Ngati mukugawana za makina, ine gawo langa mungochotsera ku ngongole yanga ya feteleza.

Wapampando: Palibe chogawana, mayi. Werengani m'mwambamo.

Msungichuma (Anambewe): Aphunzitsi, 30 ndi 20 ndi 2 ndi K52. Pa K100 patsala K48. Ili kuti?

Aphunzitsi a Mbewe: Mwasiya zimene sizioneka papepala. Lendi K25,000, malipiro K35,000, petulo uja K14,000. Dilamu, kachitsulo kozungulira kamene kamasamutsira tona papepala, nayo imatha. Mukaona mzere wakuda kapena kadontho kobwerezabwereza pamalo amodzimodzi tsamba lililonse, ndiye yapita, ndipo tinasintha pa K10,000. Kuphatikiza mapepala K60,000, tona K40,000 ndi mayunitsi, zonse ndi K188,000. Komanso si mapepala onse 2,000 amene anagulitsidwa. Ine ndawerenga oonongeka 80 m'katoni ya pansi pa tebulo, ena opindika chifukwa cha chinyezi, ena otuwa tona itatsala pang'ono kutha. Ogulitsika ndi 1,920. Tsamba limodzi likutidyera pafupifupi K98. Tikugulitsa K100.

Make Tadala: Mwamva? K2! Ndiye mwana wanga abe chiyani pamenepo?

Msungichuma (Anambewe): Ndamva. Koma 1,920 pa K100 ndi K192,000. Wabweretsa K171,000. K21,000 ikusowabe, ndipo ine ndaonjezera K17,000 ya m'thumba la zadzidzidzi kuti lendi ikwane.

Make Tadala: Kope lake ndili nalo pano. Masamba 210 alembedwa "ndidzapereka". Mayina ndi a m'gulu lomwe lino. Ndiwatchule?

A Gondwe: Anga ndi 60 okha, a nyimbo za kwaya. Makina ndi athu, sindinaone ngati ndi ngongole.

Wapampando: Rimu sitiitenga ulere ku sitolo, a Gondwe. Lachinayi mubwere ndi K6,000, ndi ena onse chimodzimodzi.

Aphunzitsi a Mbewe: Ndipo mtengo ukwere. K150 tsamba wamba, chitupa mbali zonse K250 poti chimadya tona. Tsiku la jenereta K200, apo ayi tisaiyatse pokhapokha pali ntchito yambiri yodikira. Wofuna kutsogolo ndi kumbuyo tingamuchotsere K30 ya pepala basi, tona imapita kawiri.

Nachisale: K150? Wa pafupi ndi positi ofesi uja akupanga K100. Ana asukulu onse athawira kumeneko, titsala ndi lendi yathu.

Aphunzitsi a Mbewe: Nyumba ndi yake, salipira lendi, ndipo amakhalapo yekha. Koma mantha anu ndi omveka. Masamba akatsika kufika 1,000, lendi ndi malipiro okha ndi K60 pa tsamba.

Msungichuma (Anambewe): Ine ndikuti K120, tiyese mwezi umodzi. Ndipo rimu izituluka kwa ine, imodziimodzi, posainira.

Make Tadala: Posainira palibe vuto. Koma mupepese kaye.

Wapampando: Zopepesa ndi za mtengo tikambirana pamkeka Lachinayi. Make Tadala, kope lija mubwere nalo. Wochedwa chindapusa ndi chomwe chija.